Mjigo wa kusukulu: tiunike tisanatseke buku

Mlembi: Akuluakulu nonse, ntchito ya mjigo wa kusukulu yatha ndipo wokumba tinamulipira zonse. Ndikupempha tikumane Loweruka, akutali mulowe pa foni, tione mmene zinayendera. Tilembe zoti zidzathandize pokumba wa kumsika chaka chamawa.

A Phiri a ku Joni: Zoona. Malisiti onse aoneke. Ife tinatumiza kwacha isanagwe mu Novembala 2023, tikufuna tidziwe zinagula chiyani.

Msungichuma: Achimwene, lipoti la ndalama lili pano kalekale, kwererani m'mwamba mulipeza. Akunena a Mlembiwa ndi zina. Ndalama zikhoza kukwana mpaka tambala yomaliza, mjigo nkumauma.

Nabanda: Ndipo ukuumadi. Chilowereni Okutobala, m'mawa timatunga ndowa zochepa, kenako chogwirira chimangopepuka, madzi osatuluka. Ana amasiya zigubu pamzere nkukalowa m'kalasi.

A Mbewe: Mayi Nabanda, zimene mwanenazo ndiye zolemba. Ine ndagwira ntchito za madzi ndipo ndawerenga malipoti otsekera ntchito ambiri. Amalemba kuti "pakufunika kugwirizana" kapena "tizikonzekera bwino." Munthu akawerenga zimenezo mawa lake achita chiyani chosiyana? Palibe.

Tiyeni tiutenge mjigo wathuwu. Tinakumba mu Malichi, nthaka itakhuta mvula. Madzi anatuluka pa mamita 18, anthu nkuyamba nthungululu, wokumba nkuimira pa 30. Anaika mapaipi 8, ndipo paipi ya pampu ya mtundu wa Afridev imakhala pafupifupi mamita atatu, ndiye kuti silinda, chija chokankha madzi kumunsi kwa mapaipi, ili cha pa 24. M'chilimwe madzi apansi amatsika, ukapopa pang'ono afika pomwe pali silinda, uyamba kukoka mpweya. Wokumba sanatisiyire pepala loonetsa miyala imene anadutsa ndi pomwe anapeza madzi, ndipo kupopa koyesa kwa maola angapo sikunachitike. Tsono mfundo ilembedwe chonchi: chinachitika nchiyani, chifukwa chake, ndiye chochita. "Kumbani pakati pa Sepitembala ndi Novembala. Gawo lomaliza musalipire musanalandire pepala la kukumba ndi zotsatira za kupopa koyesa. Sungani 10 peresenti mpaka mjigo udutse chilimwe chimodzi." Zikatero wina akhoza kungozikopera mu kontirakiti.

A Phiri a ku Joni: Ndiye mwayankha kale, a Mbewe. Msonkhano ngwachiyaninso?

A Mbewe: Ayi, zanga ndi zongoganizira ndili ku Lilongwe. Chogwirira chimapepukanso ngati labala ya m'silinda yatha. Kusiyana kwake nkwakuti labala ikatha madzi amavuta nthawi zonse, ngakhale m'mamawa, pomwe chitsime chikamaphwa chimabwerera mukachipumitsa. Mekaniki wa m'dera asolole ndodo aone labala, ayezenso pomwe madzi ali, tisanalembe chifukwa cholakwika. Ndipo iye, komiti ya mjigo ndi amayi otunga akhalepo pamsonkhano, ayambe ndi iwo kulankhula. Akayamba a Tcheya, ena onse angovomereza.

A Tcheya: Ndamva, ndikhala chete. Koma lembaninso chimene chinatikakamiza kukumba mu Malichi. Mitengo inkakwera sabata ndi sabata kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama zikanadikira Okutobala sizikanakwana. Mukangolemba kuti tinalakwitsa nyengo, odzabwerawo adzakumana ndi zomwezo nkuchitanso chimodzimodzi.

Msungichuma: Apo ndiye pali phunziro lenileni. Tikanagula pampu, mapaipi ndi simenti nthawi yomweyo, kukumba nkudikira.

A Mbewe: Pampu ndi mapaipi inde. Simenti ayi, ikagona miyezi ingapo m'nyumba yachinyezi imaundana.

Nabanda: Funso langa ndi lakuti zolembazo zikhala kuti? Za buloko ya sitandade 1 zija zinali mu foni ya mlembi wakale, foni inabedwa, zonse zinapita. Pano pagulu uthenga umakwiririka ndi za maliro ndi zikwati tsiku lomwelo.

Mlembi: Ndikuganiza tsamba limodzi lokha, m'Chichewa. Lina limatidwe mkati mwa chikuto cha buku la komiti ya mjigo, pamodzi ndi kuya kwa chitsime ndi chiwerengero cha mapaipi, lina kwa ahedi, lina kwa mlembi wa VDC. Ndipo pamsonkhano woyamba wa mjigo wa kumsika, tisanaitane wokumba aliyense, liwerengedwe mokweza.

A Phiri a ku Joni: Dzina la wokumbayo lilembedwenso, ena asadzagwe m'dzenje lomwelo.

A Tcheya: Pamenepo pepani. Munthuyo anachita zimene zinali mu kontirakiti, ndipo kontirakitiyo tinalemba ndi ife. Komanso ndi mkamwini wa kwa amfumu.

A Phiri a ku Joni: Nchifukwa chake ndikuti lilembedwe.

Mlembi: Imeneyo tikaikambe Loweruka. Mayi Nabanda, mekaniki angabwere Lachinayi? A Msungichuma, ya thiransipoti yake ichoke pa zotsala zija.