Nsalu ya yunifomu yasuluka temu imodzi yokha, ndigule iti tsopano?

Mayi a Chisomo, Chitakale: Anzanga thandizeni mutu waima. Madiresi a buluu amene ndinasokera sukulu ina ya pulaiveti mu Seputembala pano ayera m'mapewa ndi kumsana konse, kumunsi kukadali buluu, ena afupika mpaka mawondo pamtunda. Makolo akundiloza ine ngati utotowo ndinapaka ndine. Nsalu ndinakagula ku Limbe, anandiuza kuti ndi kotoni weniweni. Pano a hedi akufuna ena 60 a ana atsopano koma akuti zikabwerezanso apita kwina. Nditenge kotoni wina, poliyesitala kapena tetironi? Yankhani msanga dipoziti ndalandira kale

Jemusi wa pa Limbuli: Poliyesitala 100 basi achemwali, musataye nthawi. Sasuluka, safupika, mwana achape madzulo mmawa wauma. Ine kotoni ndinasiya kalekale

Anambewe, Bvumbwe: Poliyesitala 100 pa mwana wa sitandade 1? Mwezi wa Okutobala mkalasi ya malata ana 80 thukuta lake mumalidziwa? Nsalu imeneyo siimwa thukuta, limangotsetsereka pathupi, mwana amatuluka timatuza ta kutentha m'khosi ndi m'khwapa, komanso imasunga fungo ngakhale muchape bwanji. Ndiye kumudzi kuno timasita ndi simbi ya makala, kungoiwala pang'ono yanyezimira kapena yaboola

Madala a ku Luchenza: Mayi a Chisomo, musanagule china tiyeni tione kaye chimene chinachitika. Kuyera m'mapewa ndi kumsana pamene kumunsi kuli bwino, limenelo ndi dzuwa, chifukwa ndi pamene limamenya mwana akamayenda ndiponso pamene diresi limapindikira pa chingwe. Kukanakhala kuchapa kokha likanasuluka lonse mofanana. Tembenuzani diresi limodzi muone mkati mwa mpendero ndi pansi pa kolala, mtundu woyamba muupeza pamenepo. Ndikufunseni ziwiri: pochapa koyamba madzi ankada buluu? Nanga munainyika nsaluyo musanadule?

Mayi a Chisomo, Chitakale: Makolo akuti madzi ankachita buluu bii mpaka kudetsa kolala yoyera ija. Kunyika sindinanyike, oda inabwera mochedwa masiku otsegulira atayandikira

Madala a ku Luchenza: Ndiye mavuto ndi awiri osiyana. Kufupikako ndi khalidwe la kotoni aliyense, wabwino yemwe, akakumana ndi madzi koyamba amabwerera. Kusulukako ndi utoto wotchipa umene sunagwire ulusi. Kotoni wonyikidwa mu utoto wabwino amapirira ndithu, makaki akale a dirilo aja ankatha m'matako mtundu ukadalipo, koma wotero lero ndi wodula ndipo pa kauntala simungamusiyanitse ndi maso. Ine pa diresi la pulaimale ndimatenga wosakaniza, 65 poliyesitala 35 kotoni, amene ambiri timangoti tetironi. Poliyesitala utoto wake amaulowetsa mkati mwa ulusi pa moto waukulu kufakitale nchifukwa chake sachucha, ndipo ndi amene amagwira nsalu kuti isabwerere. Kotoni wa 35 uja ndi womwa thukuta. Koma chenjerani, nsalu yosakaniza imafunika kuinyika kawiri, utoto wa poliyesitala pawokha wa kotoni pawokha. Otchipa amanyenga mbali ya kotoniyo, ndiye pakapita miyezi nsalu imaoneka ngati yawazidwa ufa, ulusi wina wa buluu wina woyera. Dzina lokha la tetironi lisakugonetseni tulo.

Jemusi wa pa Limbuli: Mwaona madala mwavomera nokha, chimene chimasuluka mu tetironimo ndi kotoni. Chotsani kotoniyo vuto latha. Poliyesitala 100

Mlongo wa pa Chonde: Ine ndimanyika mu madzi a mchere usiku wonse ndisanadule, mtundu umakhazikika. Amayi anga ankatero ndi zitenje

Madala a ku Luchenza: Kunyikako mukuchita bwino mlongo, kumachotsa utoto wongoyandama pamwamba ndipo nsalu imabwereratu musanaidule. Koma mcherewo sugwiritsa utoto umene unalephera kugwira kufakitale, ndipo dzuwa silimva za mchere. Mayi a Chisomo chitani izi. Musagule mpukutu wonse, gulani hafu mita ya nsalu iliyonse imene mukuiganizira, mitundu itatu kapena inayi. Dulani kachidutswa kakang'ono muyatse ndi machesi panja, mogwira ndi sizasi osati zala. Kotoni amayaka ngati pepala, fungo la pepala, phulusa lofewa lotuwa loti mukalikhudza limangoyoyoka. Poliyesitala amathawa moto, amasungunuka, utsi wakuda, kenako pamatsala kambulu kolimba kakuda. Wosakaniza amachita zonse ziwiri, phulusa lilipo koma m'mphepete mwauma gwa. Kuyatsaku sikungakuuzeni ngati ndi 65 kapena 80, koma kukuuzani ngati wogulitsa akunama.

Madala a ku Luchenza: Chachiwiri, jambulani ndi bolopeni sikweya ya 50 cm mbali zonse, muchape monga amachapira makolo, sopo wa mtanda, kufikisa mwamphamvu, kuyanika padzuwa, katatu. Muyezenso. Mukapeza 48 ndiye kuti yabwerera 4 pa 100 iliyonse, diresi lotalika 75 cm litaya 3 cm, ndipo mwana naye akukula, ndi mawondo munawaona aja. Tetironi wabwino amatsala pa 49 ndi hafu kapena osasuntha nkomwe. Pomwepo tengani kansalu koyera konyowa mukhule pa nsalu ya buluuyo, kakada ndiye kuti kolala yanu idzadanso.

Mphwanga wa ku Goliati: Pepani kulowerera, inenso tetironi amandivuta, msoko umakwinyika makamaka pa zipi ndi m'mbali, ndasita mpaka kutopa sukuwongoka. Mashini ndi ya mapazi

Anambewe, Bvumbwe: Imeneyo ndi tenshoni achimwene, masulani pang'ono pamwamba ndi pa bobini pomwe, singano ikhale 14 yatsopano osati 16 ya mathalauzi, ndipo ulusi ukhale wa poliyesitala. Mukasoka tetironi ndi ulusi wa kotoni, ulusiwo umabwerera pochapa nsalu ili chiimire, msoko nkukwinyika, komanso umasuluka nkumaoneka mzere woyera. Koma funso la mayiwa ndi la nsalu

Mayi a Chisomo, Chitakale: Madala nanga za dzuwazo ndiyeza bwanji, sindingadikire temu yonse

Madala a ku Luchenza: Tengani chidutswa chilichonse, theka muliphimbe ndi katoni mupanikize ndi mapegi, theka likhale poyera, muike padenga la malata kapena pa thandala pamene dzuwa limakhala tsiku lonse. Madzulo muzilowetsa chifukwa cha mame. Pakatha sabata ziwiri chotsani katoniyo. Mukaona mzere pakati, nsaluyo isiyeni. Mukapanda kuuona sizikutanthauza kuti ikhala zaka zitatu, koma zoipitsitsa mwazichotsa. Ngati masiku alipo ochepa, ngakhale sabata imodzi ya dzuwa lamphamvu imaulula nsalu ya utoto wabodza. Zidutswazo mukaonetse a hedi asankhe nanu limodzi, mawa pasadzakhale kulozana zala.

Anambewe, Bvumbwe: Ndionjezere za sitachi. Nsalu zina pa shopu zimaoneka zokhuthala zolimba bwino koma ndi sitachi yokhayokha, fikisani pakona ndi zala muona ufa ukugwa, mukayang'anitsa kudzuwa mukuona kunja ngati sefa. Chaka china ndinasoka masiketi a sekondale ndi yotero, atangochapa kawiri anasanduka ngati neti ya udzudzu atsikana kumavala zitenje pamwamba, ndinabweza ndalama theka ndipo sukulu imeneyo sinabwerenso. Pano ndimayeza pa sikelo ya digito ya pa golosale, mita imodzi ya 60 inchi ya diresi ikhale magalamu cha m'ma 230 mpaka 270. Ikatsika pa 200 imeneyo ndi ya malaya, pa diresi ing'ambika m'khwapa ndi pa thumba

Jemusi wa pa Limbuli: Zonsezi kuyatsa, kuyanika padenga, sikelo, nthawi yake ili kuti? Kuno ku Mulanje mvula simaidziwa? Chiperoni chikabwera mu Juni sabata yonse dzuwa osaoneka, mwana ali ndi yunifomu imodzi, kotoni sauma amachita chuku madontho akuda osachoka. Makolo onse amene ndimasokera ana awo amafuna chouma msanga. Poliyesitala 100

Mlongo wa pa Chonde: Pa chuku pokha a Jemusi akunena zoona, malaya oyera a kotoni amathera pomwepo, makolo nkuthira jiki wambiri nsalu nkufumbwa

Anambewe, Bvumbwe: Tetironi nayenso amauma usiku umodzi mukamufinya bwino. Koma a Jemusi nthawi ya chiperoni yomweyo ana amaotha moto mmawa atavala kale yunifomu. Mwana wa neba wanga kakhala kamoto kanathethekera pa siketi ya poliyesitala, nsalu inasungunuka nkumatirira pa ntchafu, chilonda chake chinatenga nthawi kupola. Sindikunena kuti wosakaniza sapsa, amapsa ndithu ndipo naye amasungunuka, kotoni nayenso amayaka msanga, koma chimene ndinaona tsiku limene lija chinandikwana, ana aang'ono sindiwasokera 100

Jemusi wa pa Limbuli: Moto ndi moto asisi, mwanenanso nokha kuti zonse zimapsa. Ine zaka zonsezi palibe anabwera kudzadandaula mtundu

Madala a ku Luchenza: Za mtundu sadandaula a Jemusi, koma taonani makabudula anu pakati pa miyendo ndi pamene pamakhuza chikwama, timibulu tija timatuluka pa poliyesitala wotchipa sitichoka. Pa masiketi a mapuliti a sekondale ndikuvomerezani, poliyesitala wambiri amagwira puliti bwino, ine ndimatenga wosakaniza ndi visikosi. Diresi la mwana wokhala pansi pa dothi la katondo ndi nkhani ina. Mayi a Chisomo musaiwale mulifupi powerengera. Ana a sitandade 1 mpaka 4 pa 60 inchi ndimawerengera mita imodzi ndi hafu, madiresi 60 ndi mamita 90, koma pa 45 inchi mufuna pafupifupi 2 pa mwana, 120. Ndiye ya 45 yooneka yotchipa ija nthawi zina ndi imene imadula. Ndipo mugule yonse tsiku limodzi, mipukutuyo muigundanitse panja pa shopu poyera, chifukwa buluu wa mpukutu uwu ndi wa mwezi wamawa safanana, pa asembule zimaonekera patali.

Mphwanga wa ku Goliati: Zimenezo zinandichitikira ndi maruni, manja mtundu wina thupi mtundu wina, pansi pa babu usiku zimaoneka zofanana. Maruni ndi wofiira ndi amene amandiopsa kwambiri pa dzuwa, bola girini ndi gireyi

Mlongo wa pa Chonde: Komanso muziwauza makolo popereka, atembenuze diresi poyanika, pamthunzi ngati ulipo, likauma achotse. Ambiri amayanika pa udzu mmawa nkupita kukathyola tiyi kubwera madzulo, tsiku lonse likupsa. Ndi kumenyetsa pamwala kumtsinje kuja mabatani onse amasweka, mlandu nkukhala wa telala

Mayi a Chisomo, Chitakale: Ndamva, ndipita ku Limbe Lachiwiri ndikatenge mahafu mita. Koma a hedi akuti buluu akhale yemweyo ndendende wa chaka chatha, tetironi wa mtundu umenewo ndikapanda kumupeza nditani?

Jemusi wa pa Limbuli: Mu poliyesitala 100 mabuluu onse alimo

Mphwanga wa ku Goliati: A Anambewe ndamasula tenshoni ija koma pa zipi pakukwinyikabe, kapena vuto ndi zipi zomwezi?