Kompyuta ikuti makilomita 60, dalaivala akudzera ya 78: ndimvere ndani?

Tembo wa Mathiraki:
Anzanga a zonyamula katundu, ndithandizeni maganizo. Ndimakonza maulendo a mathiraki pakati pa nyumba yathu yaikulu yosungira katundu muno mu Chipata ndi mashedi a kumidzi. Ndinatenga misewu pa OpenStreetMap, ndinaiyika mu networkx, chida cha Python chowerengera njira, ndipo ndimafunsa njira motere:

```python
nx.dijkstra_path(G, "Chipata", "Shedi", weight="km")
```

Shedi imene yandivuta ili kumwera kwa Great East Road, mbali ya ku Katete. Kompyuta ikusankha njira yopatuka msanga: makilomita 14 a tala, kenaka 46 a fumbi, onse pamodzi 60. Ndikagawa ndi liwiro la 60 pa ola, ndimalemba kuti ulendo ndi wa ola limodzi. Koma adalaivala athu akanyamula matumba 200 a fetereza sadzera kumeneko. Amapitirira ndi tala makilomita 62, n'kudzapatuka kutsogolo pa fumbi la makilomita 16, onse 78, ndipo amafika patatha maola awiri ndi mphindi ngati 15. Abwana akuti mafuta akuwonongeka dala. Kodi cholakwika chili mu pulogalamu, kapena ndikhale nawo pansi adalaivala?

Amayi Zulu:
A Tembo, adalaivala musawakhudze kaye. Pulogalamu yayankha bwinobwino funso limene mwaifunsa. Njira ya Dijkstra imangowonkhetsa manambala amene mwalemba pa chidutswa chilichonse cha msewu, kuchoka pa mphambano kufika pa mphambano ina, n'kusankha njira imene chiwonkhetso chake n'chochepa kuposa zonse. Mwaipatsa makilomita, yakupatsani makilomita ochepa. Siikudziwa kuti kilomita ya fumbi imadya nthawi yochuluka kuposa ya tala. Liwiro la 60 lija mwaliika pamapeto, njira itasankhidwa kale, ndiponso mwaliika lofanana pa msewu wonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nditenge kuti thiraki ya matani 10 yodzaza imayenda 55 pa ola pa tala ndi 20 pa fumbi lokumbika. Manambalawa muwasinthe ndi anu, ine ndangoyerekeza ndi mathiraki a kwathu kuno. Njira yaifupi: makilomita 14 a tala ndi mphindi 15, ndipo 46 a fumbi ndi mphindi 138. Pamodzi 153, kupitirira maola awiri ndi theka. Njira ya adalaivala: 62 a tala ndi mphindi 68, ndipo 16 a fumbi ndi mphindi 48. Pamodzi 116. Akuzungulira makilomita 18 owonjezera koma akupulumutsa mphindi 37. Choncho nthawi muiwerengere pa chidutswa chilichonse payekhapayekha, ndipo Dijkstra muipatse mphindizo kuti ndizo iwonkhetse.

Mwale:
Koma bwanji mukudzivutitsa? Ikani OSRM basi, pulogalamu yopeza njira pa mapu a OpenStreetMap, imawerengera nthawi yokha malinga ndi mtundu wa msewu. Ife ndi imene timagwiritsa ntchito ndipo siinatidzeretsepo kuthengo.

Amayi Zulu:
A Mwale mwanena zoona mbali imodzi. OSRM ikhoza kusankha njira yolondola pano, koma taonani nthawi imene ingapereke. Mu `car.lua`, fayilo ya liwiro imene imabwera nayo, msewu waukulu wolembedwa `trunk` wopanda malire a liwiro a `maxspeed` umapatsidwa 85 pa ola, ndipo wolembedwa `surface=unpaved` kapena `gravel` sudutsa 40. Awa ndi malingaliro a galimoto yaing'ono. Pa manambala amenewo njira ya adalaivala ituluka mphindi ngati 68, pamene thiraki ikutenga 135. Mukalonjeza kalaliki wa kushedi kuti katundu afika pa ola limodzi ndi mphindi pang'ono, anyamata otsitsa matumba akhala padzuwa ola lina lathunthu. Ndipo pali misewu yambiri ya kumidzi imene pa mapu sinalembedwe `surface` n'komwe. Imeneyo pulogalamu imangoyang'ana kuti ndi `secondary` kapena `tertiary` n'kuipatsa liwiro la gululo, kaya ndi tala kaya ndi mchenga. OSRM igwiritseni, koma fayilo ya liwiro muilembenso kuti ikhale ya thiraki.

Sakala:
Ifenso kuno ku Petauke tili ndi vuto lomwelo. Tili ndi mashedi asanu ndipo thiraki imodzi imayenera kuwazungulira onse tsiku limodzi. Ndiyambire iti kuti ndisamabwerere m'mbuyo?

Amayi Zulu:
A Sakala, lanu ndi funso lina, la kasanjidwe ka malo oima. Koma limadalira ili la a Tembo, chifukwa musanasanje muyenera kukhala ndi tebulo la mphindi zoona pakati pa shedi iliyonse ndi inzake. Tebulo likanama, kasanjidwenso kanama. Yambitsani nkhani yake padera tikambirane bwino.

Tembo wa Mathiraki:
Zikomo amayi, masamu ndawatsatira. Komabe pakutsala mpata. Inu mwapeza 116, adalaivala akutenga pafupifupi 135. Mphindi 19 zimenezi zikupita kuti?

Achimwene Daka:
Ndiloleni ndiyankheko ine amene ndimakhala pa chiwongolero. Zimenezo sizikusowa, tikuzidya poima. Kutuluka mu Chipata mokha uli wodzaza, ndi njinga, matakisi ndi mahampu, sungaike giya yapamwamba. Pa tologeti umaima. Pa rodibuloko umaima, ena amangokukweza dzanja, ena amafuna mapepala a katundu. Ukatsala pang'ono kusiya tala, dalaivala wanzeru amatsika n'kuzungulira thiraki, kugogoda matayala ndi kukoka zingwe za tenti, chifukwa fumbi likayamba kugwedeza matumba amasuntha. Zonsezi pa mapu palibe.

Ndipo njira yanu yaifupiyo, ngati ili ngati zimene ndimazidziwa ine mbali imeneyo, penapake imadutsa padambo. Chilimwe umangoona mchenga woyera ndi mapazi a ng'ombe. Mvula ikagwa kawiri katatu mu Disembala, pansi pamafewa pamwamba pakuoneka pouma, ndipo matayala akumbuyo amalowa mpaka difu kukhala pansi. Apo nkhani ya mphindi yatha, mufune thirakitala ndi anthu otsitsa matumba 200 m'matope. Fetereza akanyowa mukudziwa nokha.

China chimene a mu ofesi mumaiwala: thiraki yopanda katundu ndi yodzaza si imodzi. Panopa tikupita odzaza, tikubwera opanda kanthu. Ikafika nthawi yogula chimanga ndi soya zimatembenuka, timapita opepuka n'kubwera olemera. Chitunda chimene ndimatsika mosavuta lero ndidzachikwera pa giya yachiwiri mu Julaye.

Amayi Zulu:
Achimwene Daka atipatsa zonse zimene zimasowa. A Tembo, pa chidutswa chilichonse ikani zinthu zitatu zowonjezera: liwiro, mphindi zoima, ndi chizindikiro choti n'chotseka kapena ayi.

```python
def mphindi(u, v, d):
    if d["wotseka"]:
        return None
    return d["km"] / d["liwiro"] * 60 + d["kuima"]

nx.dijkstra_path(G, "Chipata", "Shedi", weight=mphindi)
```

Mu networkx, ikabweza `None` chidutswacho chimakhala ngati kulibe, ndiye dambo lija mumalitseka nthawi ya mvula osafufuta msewu pa mapu. Musalipatse liwiro lochepa chabe, chifukwa tsiku lina pulogalamu idzaonabe kuti ndi lachidule n'kutumizako thiraki. `G` ikhale `DiGraph` kuti kupita ndi kubwera zikhale ndi manambala osiyana, ndipo liwiro mulisunge pawiri, la wodzaza ndi la wopanda katundu, musankhe pofunsa. Chenjezo limodzi: musayese kukometsera msewu umene mumaukonda poupatsa mphindi zochotsera. Dijkstra imafuna manambala osatsika pansi pa ziro, mukaika otsika yankho lake silidalirika.

Nthawi yodikira pa geti la shedi, kalaliki asanabwere ndi makiyi, musaiike pa msewu. Ilembeni payokha, apo ayi mudzaipitsa mbiri ya msewu wosalakwa.

Mwale:
Nanga liwiro loonalo alitenga kuti? Mwangoti 55 ndi 20 kuchokera m'mutu. Ine ndikanati atenge pa thirakala ya GPS, awonkhetse maliwiro onse a pa chidutswacho, agawe, basi.

Amayi Zulu:
GPS inde, koma kugawa maliwiro kumanamiza. Tengani fumbi la makilomita 16 lija. Tsiku lina thiraki yayenda 30 pa ola, yatenga mphindi 32. Tsiku lina 10 pa ola, mphindi 96. Mukagawa maliwiro mupeza 20, ndiye mulemba mphindi 48. Koma mukagawa mphindi zenizeni mupeza 64. Choncho lembani ola limene thiraki yadutsa pa mphambano yoyamba ndi limene yadutsa pa yachiwiri, musonkhanitse mphindi za maulendo angapo, muzindandalike kuyambira zochepa, mutenge ya pakati. Ya pakati siisokonezeka ndi tsiku limodzi limene tayala linaphulika. Ngati thirakala mulibe, kope ndi wotchi ya pa foni ya kondakitala zikwanira.

Muonenso kuti pulogalamu yalumikiza shedi yanu ku mphambano iti. Imatenga yapafupi poyeza mowongoka, ndipo nthawi zina imeneyo imakhala kutsidya kwa mtsinje kapena kuseri kwa mpanda, kumene kulibe geti.

Tembo wa Mathiraki:
Ndasintha, ndipo tsopano ikusankha ya adalaivala, mphindi 134 nditaika zoima. Koma ndayesa kukweza liwiro la fumbi kufika 40, yabwereranso ku yaifupi. Ndiye yankho silokhazikika?

Amayi Zulu:
Silingakhazikike, chifukwa msewu nawo sukhazikika. Malire ake mungawapeze ndi dzanja. Njira yaifupi ili ndi fumbi lowonjezera makilomita 30, yaitali ili ndi tala wowonjezera makilomita 48. Tala ameneyo pa 55 ndi mphindi 52. Ndiye thiraki ikatha kudutsa makilomita 30 a fumbi m'mphindi zosakwana 52, kutanthauza liwiro lopitirira 34 pa ola, yaifupi yapambana. Giredala ikangopala msewu m'chilimwe, zimenezo zitheka, makamaka pobwerera opanda katundu.

Achimwene Daka:
Zitheka milungu yoyamba yokha. Mathiraki a thonje ndi chimanga akadutsapo, mabampu onga malata amabwerera ndipo pa 35 chiwongolero chimavina m'manja. Ine ngakhale mphindi zitafanana ndidzera tala. Sipuling'i imodzi ikathyoka kuthengo, zimene mwapulumutsa mwezi wonse zapita.

Mwale:
Komatu abwana a a Tembo sanadandaule za mphindi, adandaula za mafuta. Makilomita 18 kupita, 18 kubwera, ulendo uliwonse. Mafutawo alipira ndani?

Achimwene Daka:
Mafuta sayenda ndi makilomita okha, a Mwale. Maola awiri pa giya yachiwiri ndi yachitatu injini ikulira, tanki imatsika kuposa mmene mukuganizira.

Mwale:
Imatsika, sindikukana, koma kodi imatsika mokwanira kuphimba makilomita 18? Apo pakufunika muyeso, osati kumva kwa khutu.

Tembo wa Mathiraki:
Mvula isanayambe ndipempha abwana atilole tiyese. Thiraki imodzimodzi, katundu wofanana, tidzaze tanki mpaka pakamwa tisananyamuke, tidzazenso pobwera, njira iliyonse maulendo angapo. Achimwene Daka, kodi ya fumbi ija munthu angaiyese wodzaza kumayambiriro kwa Novembala, kapena tiyambe ndi ulendo wobwerera wopanda katundu?

Achimwene Daka:
Yambani ndi wobwerera. Ndipo musanatumize thiraki, wina apite ndi njinga yamoto akaone dambolo ndi maso.