Pulinta ndi laputopu zikulimbirana adiresi imodzi

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimayang'anira netiweki ya ofesi ina yaing'ono ya makompyuta 12, pulinta imodzi ndi rauta imodzi. Kwa masabata awiri tsopano, pulinta imasowa pa netiweki kwa mphindi zingapo n'kubweranso yokha, ndipo masiku omwewo laputopu ya mayi wowerengera ndalama imaduka pafupipafupi pamene anzawo onse akugwira ntchito bwinobwino. Chondizunguza n'chakuti masiku ena vutoli silioneka konse. Pulintayo ndinaiikira ndekha adiresi yokhazikika, 192.168.1.120.

Woyankha woyamba: Achimwene, yambani mwasintha chingwe cha pulintayo, kenako muimbire kampani imene imakupatsani intaneti, chifukwa nthawi zambiri kudukaduka kumachokera kwa iwo.

Wofunsa: Chingwe ndinasintha kale. Komanso kusindikiza sikudutsa pa intaneti, choncho sindikuona kuti kampaniyo ikukhudzidwa.

Woyankha wachiwiri: Zikuoneka kuti zipangizo ziwirizo zatenga adiresi imodzi. Pa laputopuyo lembani `ipconfig /release` kenako `ipconfig /renew`, muzimitse rauta ndi kuiyatsanso, ndipo nkhani itha.

Mmisiri wamkulu: Anzathuwa alipeza vuto, koma mankhwala awo ndi a tsiku limodzi, ndipo `/renew` kawirikawiri imabweza adiresi yomweyo. Tiyeni titsimikize kaye. Kompyuta ikafuna kulankhula ndi 192.168.1.120, imafunsa netiweki yonse kudzera mu ARP kuti mwini adiresiyo ndani, ndipo woyankha amapereka nambala yake ya MAC, imene kompyutayo imasunga kwa kanthawi. Eni ake akakhala awiri, onse amayankha, ndiye nthawi ina ntchito yosindikiza imapita ku pulinta, nthawi ina ku laputopu imene siikudziwa chochita nayo. Rauta nayo imasokonezeka chimodzimodzi, n'chifukwa chake mayiwo amaduka. Pa kompyuta yachitatu, mutatsegula `cmd` ngati woyang'anira, lembani izi kangapo nthawi imene vuto likuchitika:

```
arp -d 192.168.1.120
ping 192.168.1.120
arp -a 192.168.1.120
```

Musakhulupirire `ping` yokha, popeza ikhoza kuyankha bwino pamene woyankhayo ndi wolakwika. Yang'anani pansi pa `Physical Address`, pomwe pamaoneka nambala ya MAC ya woyankhayo. Mutiuzenso kuti DHCP ya rauta yanu imagawa maadiresi kuyambira pati mpaka pati.

Wofunsa: Ndayesa m'mawa uno. Poyamba panatuluka `00-1b-a9-4c-10-7e`, yomwe ikufanana ndi imene ili pa pepala la makonzedwe limene pulinta imasindikiza, koma patapita mphindi zisanu panatuluka nambala ina, ndipo `ipconfig /all` pa laputopu yasonyeza kuti ndi yake. Mu `Event Viewer` ya laputopuyo mulinso uthenga wa `Tcpip` 4199, wosonyeza kuti chipangizo china chili ndi adiresi yomweyo. Rauta imagawa kuyambira .100 mpaka .199. Manyazi andigwira, chifukwa adiresi ya pulinta ndinaiika pakati penipeni pa amenewa.

Mmisiri wamkulu: Musadandaule, ambirife tinalakwitsapo pomwepa. Rauta imakumbukira maadiresi okhawo amene yagawa yokha, kotero kwa iyo .120 inali yopanda mwini. Zoti vuto limabwera masiku ena okha, ndikuganiza kuti pulintayo mumaizimitsa usiku. Windows isanayambe kugwiritsa ntchito adiresi imafunsa kaye ngati pali wina amene ali nayo, ndipo pulinta ikakhala yoyaka imayankha, laputopu n'kukana adiresiyo ndi kupempha ina. Koma mayiwo akalawirira, pulinta isanayatsidwe, palibe woyankha, ndiye laputopu imatenga .120, ndipo mkangano umayamba munthu akangoyatsa pulinta. Sunthani pulinta ipite ku .20, kunja kwa amene rauta imagawa, koma musaiwale kusintha adiresiyo pa kompyuta iliyonse imene imasindikiza, apo ayi m'mawa mwake onse 12 adzakupezani.

Woyankha wachinayi: Kwa ife zinayamba wantchito wina atabwera ndi rauta yake kuti awonjezere mphamvu ya wayifai, ndipo rautayo inali ndi 192.168.1.1 ngati yathu, ikugawanso maadiresi. Ofesi yonse inkaduka. Muonenso mzere wa `DHCP Server` pa makompyuta angapo.

Wofunsa: Ndaona, onse akusonyeza rauta imodzi, ndipo kuno oduka ndi awiri okha. N'zoona kuti pulinta timaizimitsa madzulo aliwonse.

Woyankha wachiwiri: Ine sindingasunthe pulinta ndi kuyendera makompyuta 12. Mu rauta muikeni `Address Reservation` yomanga .120 ku MAC ya pulinta, kenako laputopu ipemphe adiresi ina.

Mmisiri wamkulu: Njira imeneyo imagwira ndithu, koma chondidetsa nkhawa n'chakuti tsiku limene rauta idzapse kapena wina adzaibwezere ku makonzedwe a kufakitale, zimene munasungazo zidzafufutika, ndipo amene adzakhalepo nthawiyo sadzadziwa pomwe vuto layambira.

Woyankha wachiwiri: Rauta yatsopanoyo ikhozanso kuyamba kugawa kuchokera pa .2, ndiye .20 yanuyo idzagwa m'mbuna yomweyo.

Wofunsa: Lero ndaika `Address Reservation` chifukwa anthu akusindikiza malipiro, ndipo laputopu yatenga .134. Zosuntha pulinta ndiona Loweruka ofesi ikakhala yopanda anthu.