Akundigulitsa nambala 8 ya chilimba pa K4,500, ndigule?

Wa tomato ku Kapata: Amai ndi abambo, ndithandizeni nzeru. Mnzanga wa pamsika ali m'chilimba cha anthu 10, aliyense amaponya K1,000 pamwezi ndipo mmodzi amatenga K10,000 yonse. Anayamba mu Malichi, adzatha mu Disembala. Iye ali ndi nambala 8, ndiye kuti adzadya mu Okutobala. Waponya kale miyezi 5, K5,000, koma akuti mwana wadwala, ndiye afuna andigulitse malo ake pa K4,500, ine ndipitirize kuponya. Ndikufuna filiji ya mafiriziti nyengo yotentha isanathe. Ndigule?

Mnyamata wa njinga, Mchini: Gulani amai, mukuchedwa chiyani? K500 yaulere imeneyo. Ine ndinadya nambala 2 chaka chatha, ndinagula njinga yanga, ndinasiya kupalasa ya bwana.

Mphunzitsi wa ku Chadiza: Achimwene, inu munadya nambala 2, ndiye nkhani yanu ndi ina. Wodya koyambirira ali ngati wakongola ndalama yopanda chiwongoladzanja. Wodya kumapeto ndi amene akukongoza anzakewo, ndipo chikole alibe. Amai, tiyeni tiwerenge. Mupereka K4,500 kwa mnzanuyo, kenako K1,000 mwezi uliwonse kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, ndiyo K5,000. Zonse K9,500, kuti mulandire K10,000. Phindu ndi K500 monga akunenera achimwenewa. Tsopano onani kumene K10,000 ya Okutobala idzachokere. K1,000 ndi yanu yomwe. K2,000 ndi ya a nambala 9 ndi 10, amenewo adzaponya chifukwa akudikira zawo. K7,000 yotsalayo ili m'manja mwa anthu 7 amene adzakhale atadya kale, opanda chilichonse choyembekezera. Awiri okha akazimitsa foni, mulandira K8,000, ndipo Novembala ndi Disembala mudzaponyabe, poti a 9 ndi 10 sanakulakwireni. Mwataya K1,500 pothamangira K500.

Amake mapasa, Nabvutika: Koma si paja pamapeto amagawana chiwongoladzanja? Kwathu timagawana mu Disembala, wina amatuluka ndi zambiri kuposa zimene anaika.

Mphunzitsi wa ku Chadiza: Imeneyo ndi banki ya m'mudzi, amake mapasa, yomwe mumasunga, kubwerekana ndi kubweza ndi chiwongoladzanja. Chilimba sichibala. Chimene waponya ndi chimene umalandira, kungoti chimabwera pamodzi. Ubwino wake ndi womwewo basi, kuti K1,000 yomwe ikanathera ku ndiwo ndi maliro imasanduka K10,000 yogulira chinthu chooneka.

Amake mapasa, Nabvutika: Oho, ndiye ndasokoneza. Komabe kwathu nakonso alipo anathawa ndi ngongole, musaganize kuti ndi kumwamba.

Agogo a salaula, Saturday Market: Mwanawe, masamu a aphunzitsi ndi abwino, koma ine ndifunse za anthu. Enawo 9 uwadziwa? Chilimba chimayenda ndi manyazi. Ife pano timaponya tsiku lililonse madzulo, ndipo munthu sangathawe chifukwa tebulo lake lili pafupi ndi langa, mwamuna wake ndimudziwa, ku tchalitchi tikhala benchi limodzi. Iwe ukalowa pakati ngati mlendo, wina akasowa ndalama mu Okutobala adzayamba kudumpha iweyo, chifukwa sakumana nawe panjira.

Pita kwa amai osunga buku, mnzakoyo asakhalepo. Ona ndi maso ako kuti miyezi 5 ija inalembedwa yonse. Alipo ogulitsa malo ali ndi miyezi iwiri yosaponya, kapena anasinthana kale nambala ndi wina n'kudya mwakachetechete. Ukatero funsa amene anadya mu Juni ndi mu Julaye kuti analandira zingati ndiponso tsiku liti. Akati "zinabwera pang'onopang'ono" kapena "yatsala K1,000 ya uje", dziwa kuti chayamba kale kudwala. Chilimba sichifa tsiku limodzi, chimayamba ndi kuchedwa.

Wa tomato ku Kapata: Agogo, ndidziwa anayi okha, a pamsika. Ena akuti ali ku Katete ndi ku Lusaka, amatumiza pa Airtel Money kwa amai a buku, iwo ndiwo amapatsa wodya. Onse ali pa gulu la WhatsApp.

Agogo a salaula, Saturday Market: Apo ndiye pandiopsa. Ndalama zonse zikamadutsa pafoni ya munthu mmodzi, ndipo ena simunawaonepo nkhope, udziwa bwanji kuti ndi anthu enieni? Zimachitika kuti woyambitsa amalemba mayina awiri kapena atatu a achibale, manambala oyambirira onse n'kukhala ake. Amaponyera mayinawo pogwiritsa ntchito ndalama zanu zomwe, mpaka tsiku limene zamuthera. Funsa kuti nambala 1, 2 ndi 3 anadya ndani, uwaimbire wekha.

Mnyamata wa njinga, Mchini: Akathawa mungopita kupolisi, amumanga tsiku lomwelo. Mauthenga a Airtel si umboni?

Kalaliki wopuma, Kalongwezi: Umboni ndi umboni ndithu, mauthengawo musafufute. Koma munthu amene waponya miyezi 7 n'kulephera wachi 8 sanabe, ali ndi ngongole, ndipo apolisi kawirikawiri amakuuzani kuti nkhani ya ngongole ndi ya kukhoti. Zimasiyana ngati munthu anatolera ndalama mwachinyengo ndi mayina abodza. Kukhoti laling'ono mutha kuwina, koma wolakwa akati alibe ndalama angauzidwe kubweza pang'onopang'ono, filiji ya Okutobala n'kudzagulidwa mvula itatha. Chinanso amai, buku lili ndi dzina la mnzanuyo. Gulu lonse likapanda kuvomera kuti dzina lisinthe, K10,000 idzapita pafoni yake, inu n'kutsala ndi lonjezo la pakamwa.

Mlimi wa ku Chiparamba: Palibe amene wanena za mwezi womwewo. Okutobala ndi Novembala aliyense kuno maso ali pa feteleza ndi mbewu. Ndalama za chimanga ndi nshawa zimakhala zatha, msika umazizira. Ine chilimba changa chinafera mwezi umenewo mu 2024, chaka cha chilala chija, popanda wakuba ngakhale mmodzi. Anthu analibe basi. Ndinali nambala 9, ndinalandira theka, ndipo enawo ndikawaona ndimangowapatsa moni, nanga nditani.

Mnyamata wa njinga, Mchini: Inu mukuwaopseza chabe. Zilimba zambiri zimatha bwino, apo ayi bwenzi anthu atasiya kalekale. Ndipo mnzawoyo akapanda kugulitsa apita kwa akaloba, mwana ali m'chipatala.

Mphunzitsi wa ku Chadiza: Pamenepo mwanena zoona, zambiri zimatha bwino. Ine ndikukana mtengo wake. Amai, ngati muli ndi K4,500 lero, muwonjezere K1,000 mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, muli ndi K7,500 yanuyanu, yopanda wokudikirani mu Novembala. Chilimbachi chikungokufulumizitsirani K2,500. Ngati mufuna kumuthandiza mnzanuyo, mugawane naye ngoziyo: mupatseni K3,000 tsopano, K1,500 yotsala adzalandire mu Okutobala ngati K10,000 yakwana. Ikaperewera, zopereweranazo zichoke pa K1,500 yakeyo. Mulembe papepala, amai a buku asaine.

Agogo a salaula, Saturday Market: Ine ngakhale choncho sindingalowe chilimba chokhala ndi anthu a ku Lusaka amene sindinadye nawo nsima.

Wa tomato ku Kapata: Ndamuimbira. Za K3,000 akuti aganiza, chifukwa afuna yonse sabata ino. Wodya mu Julaye ndamupeza, akuti analandira K9,000, inayo akuti ibwera pa 15. Amai a buku foni yawo ikulira koma sakuyankha, mawa ndipita kunyumba kwawo.

Kalaliki wopuma, Kalongwezi: Mukapita mufunse kuti K1,000 yatsalayo ndi ya nambala iti.