"Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto": kodi mdzukulu angawanenere agogo mwambiwu pamaso?

Nachisale:
Abale, ndithandizeni pa mwambi uwu ndisanakaunene pamaso pa anthu. Amayi anga ndi amayi aang'ono anasemphana chifukwa cha dimba limene anasiya malemu agogo. Nkhani inali pa malire ndi pa chitsime cha pakati pa dimbalo, ndipo inafika poti sankapatsana moni ngakhale pamaliro. Amene aithetsa ndi agogo aamuna, alongo awo a malemu, omwe ndiwo eni mbumba yathu. Anayamba amva aliyense payekha, kenako anapita nawo onse awiri kudimbako, nanena kuti malire akhale pa mtengo wa mango umene anadzala malemu, ndipo chitsime chikhale cha onse. Gawo la amayi anga lakulirapo pang'ono.

Tsopano amayi akuti Loweruka tikathokoze, ndipo woyankhula ndikakhale ine poti ndine mwana wawo woyamba. Ndimafuna kutsegula ndi mwambi woti "akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto". Koma mtima ukukayika. Dambo ndi malo a matope opondapo ng'ombe, ndiye kodi kumutchula munthu wamkulu choncho n'kumulemekeza? Nanga mwana ngati ine ali ndi pakamwa ponenera mwambi kwa agogo?

Mlimi wa dimba:
Achemwali, za matope zichotseni mumtima. Amene anapeka mwambiwu ankaganiza za moto wa kutchire. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala udzu umakhala utauma gwa, ndipo wosaka mbewa akangoyatsa pamodzi, mphepo imautenga motowo n'kuuthamangitsa phiri lonse. Tsekera amalira thetheththe, anthu amaumenya ndi nthambi zaziwisi koma umawapitirira. Ukatsikira kudambo zinthu zimasintha. Pansi n'ponyowa, udzu ndi wauwisi, malawi amafupika, utsi umasanduka woyera, moto n'kufera pomwepo. M'mawa mukapita mumapeza mzere weniweni: uku kwakuda bii ndi lupsa, uku kobiriwira. Ine ndauona mzere umenewu ndi maso, ndipo kuseri kwake ndiwo zamasamba zinali zosapsa. Ndiye kuwatcha agogo anu dambo n'kunena kuti pamene ena tonse tinalephera, moto unathera pa iwo.

Mbewe wamng'ono:
Tanthauzo lake n'losavuta, akuluakulu ndi ozimitsa moto, basi. Ine ndikanangonena kuti "agogo mwachita bwino, mwaweruza mwachilungamo, paja mutu ukakula sulewa nkhonya." Kenako muwapatse kenakake mu envulopu. Achikulire amasangalala akamva miyambi iwiri kapena itatu kuchokera kwa mwana wa masiku ano.

Mphunzitsi wopuma:
A Mbewe, pa tanthauzo mwayandikira, koma pa mawu othokozera mukamulowetsa mwanayu m'mavuto.

Tiyambe ndi mwambi. Sunena kuti "mozimitsa moto", umati "mozimira moto". Wozimitsa amathamangira moto ndi nthambi m'manja. Dambo silithamanga, silimenya, moto umabwera wokha n'kuthera mmenemo. Taonani zimene anachita agogowa: anayamba amva aliyense payekha. Pamenepo ndi pamene mawu oyaka anatayikira, pa iwo, ndipo sanawatenge kukawatula kwa winayo. Mwambiwu umatamanda kuleza mtima kotere, kolandira mkwiyo wa anthu popanda kuubweza kapena kuupititsa patsogolo. Za amene wapambana mlandu mulibe mu mwambiwu, n'chifukwa chake ukuyenera pa nkhani yanuyi, a Nachisale.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya" usiyeni. Umenewo amanena wamkulu mwini wake povomera udindo, kapena akuluakulu anzake pomulimbitsa mtima. Ukachokera kwa mdzukulu umamveka ngati akuti "inali ntchito yanu kale, simukanaithawa."

"Mwachita bwino" ndi "mwayesetsa" ndi mawu amene wamkulu amauza mwana. Wamng'ono sayesa ntchito ya wamkulu. Koma oopsa kwambiri ndi akuti "mwaweruza mwachilungamo." Inu ndinu mwana wa amene gawo lawo lakula. Mawu amenewo akatuluka pakamwa panu, amayi anu aang'ono adzamva kuti mukuvina chipambano, ndipo agogo adzaoneka ngati anakondera. Musatchule malire, mango, chitsime, ngakhale liwu loti mlandu. Thokozani kubwezedwa kwa chibale.

Pa funso lanu lachiwiri, mwana amaloledwa kunena mwambi, bola asaunene ngati akuphunzitsa. Amaubweza kwa eni ake. Mukakhala pansi, moni watha, mwawomba m'manja, munganene motere:

"Zikomo agogo. Ife ana anu tabwera opanda mawu ambiri. Paja inu akuluakulu mumatiuza kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife tinkangomva, koma tsopano taona ndi maso. Amayi athu awa awiri akhala pamphasa imodzi chifukwa cha inu. Mwatilera, mwatibisira manyazi. Musatope nafe, tikalakwanso mudzatiwongole. Zikomo."

Mwambi umodzi wakwana. Yankhulani ndi "ife", osati "ine", ndipo mawu akhale otsika. Ngati mumawadziwa mfunda wawo, atchuleni nawo potsiriza, monga "zikomo a Phiri" kapena "zikomo a Mwale". Dzina lawo lenileni lisamveke.

Wa ku boma:
Musaiwale chabwalo. Ife titakangana ndi oyandikana nawo pa munda, nkhani inapita kwa anyakwawa, kenako kwa agulupu, ndipo pothokoza sitinayankhule nawo mwachindunji, tinadzera kwa nduna yawo. Mukafika kwa mfumu yaikulu ndiye mumati "Gogo Chalo". Komanso ndikulangizeni, pangano la pakamwa limaiwalika. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi, ndiye kafunseni ngati malire anuwo angalembedwe.

Nachisale:
Zikomo bambo, koma agogowa si mfumu. Nkhani sinatuluke m'banja, inathera pakhonde pawo ndi kudimba.

Mphunzitsi wopuma:
Ndiye chabwalo palibe, ndipo "Gogo Chalo" musawatchule. Kumukweza munthu pa mpando umene si wake kumamuchititsa manyazi, ndiponso anyakwawa akamva sangakondwe. Kwa eni mbumba "agogo" ndi mfunda wawo n'zokwanira. Za kulembetsa malire zili ndi nzeru, koma si za tsiku lothokoza. Mukatulutsa nkhani ya pepala tsiku limenelo, zidzamveka ngati mawu awo simukuwakhulupirira.

Nabanda:
Aphunzitsi, mawu mwamukonzera mwanayu ndi okoma, sindikutsutsa. Koma ine ndikukana kuti ayankhule iyeyo. Anakangana ndani? Amayi ake ndi mng'ono wawo. Ndiye agwade okha, athokoze okha. Akalephera, alipo alongo awo, amalume a mwanayu, ndiwo oyenera kuwayankhulira. Mdzukulu kudumpha amayi ake ndi amalume ake n'kukayankhula kwa eni mbumba, kwathu tinkati mwana wakula mtima. Iwe mwanawe, ntchito yako ndi kunyamula mtanga ndi kuwomba m'manja.

Ndipo chimene sindinamve m'nkhani yako ndi ichi: amayi ako aang'ono akupita nawo? Ngati mukupita a nyumba imodzi yokha, musapite. Envulopu ya a Mbewe ija ikachokera kwa amene gawo lawo lakula, mudzi wonse udzati agogo anadyeratu. Chimene ndikudziwa ine ndi nkhuku imodzi yamoyo ndi kaufa, zosonkha onse awiri, kupereka ndi manja awiri, mawu ake n'kungoti "tabwera ndi kankhuku aka agogo." Osati "tikulipireni", osati "chifukwa cha ntchito ija".

Mphunzitsi wopuma:
Pa za nkhuku ndi za kupita onse, mayi Nabanda anena zoona ndipo ndikuvomera kotheratu. Pa za woyankhula ndikusiyana nawo pang'ono. Pakati pa agogo ndi mdzukulu pamakhala ufulu umene sukhala pakati pa munthu ndi amalume ake. Mdzukulu amaseka ndi agogo, amadya nawo mbale imodzi, ndipo mawu ake amalowa mosavuta. Amayi awiriwa kwa agogowa ndi ana a mlongo wawo, ulemu wake ndi wolemera, ndipo mitima yawo idakali ndi mabala. Wina akayamba kuyankhula akhoza kuterereka n'kubwerera ku nkhani ya malire. Ine ndikanati amalume atsegule, anene kuti "ana anu abwera kudzathokoza", amayi awiriwo anene zikomo wawo mwachidule, kenako amalume apereke mpata kwa mdzukulu. Akapatsidwa mpata ndi wamkulu, sanadumphe aliyense.

Nabanda:
Akapatsidwa mpata ndi amalume, chabwino, pamenepo ndingapirire. Koma mwambi wokha ndikanakonda utuluke pakamwa pa amalumewo. Mwana anene "zikomo, mwatilera", akhale chete. Masiku ano mwafewetsa zinthu, ife sitinaleredwe choncho.

Mlimi wa dimba:
Ndiwonjezere kamodzi poti ndimakhalira kudambo. Chaka cha chilala dambo nalo limauma, ndipo moto umalidutsa osaima. Nthawi zina umaoneka ngati wazima, koma ukunyeka m'zitsa ndi m'ndowe zouma, mphepo ikawomba n'kudzukanso. Choncho musanakanene kuti moto wazima, onetsetsani. Kodi amayi aang'ono ayamba kutunga pachitsime chija amayi anu ali pomwepo? Ana awo akulowa m'nyumba mwanu? Mukawatumizira ndiwo, mbale ikubwera ili ndi kanthu kapena akuikana? Ngati zimenezi sizinayambe, mwambiwu udikire kaye, chifukwa mukaunena iwo ali chikwiyire, mwawatseka pakamwa pamaso pa agogo.

Nachisale:
Ndayankhula ndi amayi, ndipo iwo apita okha kwa amayi aang'ono kukawapempha. Avomera kupita, nkhuku akuti atulutsa ndi iwo, ufa ndi wa amayi. Pachitsime akutunga, ngakhale zocheza zidakali zochepa. Amalume avomera kutsegula. Koma amayi aang'ono akuti mwana wawo wamwamuna nayenso akayankhule, kuti mawu asachokere nyumba imodzi. Iyeyo ndi mng'ono kwa ine pobadwa. Ayambe ndani?

Nabanda:
Apa amayi ako aang'ono aganiza bwino, usawakanize. Pobadwa woyamba ndiwe, koma pa nkhani iyi mlekere mlongo wakoyo ayambe, chifukwa nyumba yawo ndiyo yatsala ndi gawo lochepa, ndipo zikomo wochokera kumeneko ndiye agogo akufuna kumumva. Iwe udzatsatire ndi mawu ochepa kuposa ake. Za mwambi mukawafunse amalume Lachisanu madzulo, akasankhe okha wounena, musakalimbirane pakhonde pa agogo.