Suti ya buluu wakuda, nanga tayi ya silika ija?

"Ndagula suti ya buluu wakuda ndi malaya oyera monga munandiuzira. Intavyu ndi Lolemba ku Cairo Road. Tayi yofiira yonyezimira ikhala bwino?"

Achimwene, yonyezimirayo isiyeni, ndi ya ku ukwati. Pansi pa magetsi a mu ofesi imawala kwambiri, maso a ofunsa amathera pachifuwa m'malo mwa nkhope yanu. Pezani yofiirira yoderapo, ngati vinyo, yosawala, kaya ya timadontho ting'onoting'ono. Tayi izikhala yakuda kuposa malaya nthawi zonse.

Mukamanga, nsonga ifike pachitsulo cha lamba. Ikalekezera pamchombo, mangani kachiwiri. Lamba ndi nsapato zikhale zakuda zonse, ndipo batani lam'munsi la jekete musamange.