Mwana wanga ndi wamtali kwambiri, ndipo dokotala wa maso akuti tikapimitse mtima: kodi zikugwirizana bwanji?

Amake Dalitso, Chilenje: Makolo ndi abale pa gulu lino, ndikupempha nzeru. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 15, koma msinkhu wake wafika kale masentimita 191, ndipo akatambasula manja, kuchokera kunsonga ya chala mpaka kunsonga inayo ndi masentimita 203. Zala zake ndi zazitali zoonda, chifuwa ndi cholowa m'kati. Mwezi watha dokotala wa maso anapeza kuti kagalasi ka m'kati mwa diso lakumanzere kanasuntha pamalo pake, ndipo anatchula matenda a Marfan, nati tikajambulitse mtima. Kukiliniki anamuyeza ndi mawaya pachifuwa, papepala analembapo ECG, nati zonse zili bwino. Kodi tipitebe kukajambulitsa, pamene mwanayo sadandaula kalikonse ndipo amasewera basiketibo? Bambo ake, amene analinso wamtali, anamwalira mwadzidzidzi kumudzi ku Katete ali ndi zaka 38, atamva ululu woopsa pachifuwa wolasa kumsana.

Bambo Tembo, Matero: Amayi, utali ndi wa kumtundu, si matenda ayi. Kwathu tonse ndife ataliatali ndipo agogo anafika zaka 90. Mugulireni magalasi basi, mumusiye asewere.

Mayi Zulu, Kabwata: Matendawa alipo ndithu ndipo amakhudza mtima, koma ine ndimadziwa kuti wodwala mtima amatupa miyendo ndi kupuma movutikira. Ngati zimenezi palibe, mwina mungadikire kaye.

Mayi Mwale, namwino: Mayi Zulu, pa kudikirapo ndiye ndikukana. Amake Dalitso, chimene chimavuta pa matendawa si mphamvu ya mtima poyamba, koma mtsempha waukulu umene umatulutsa magazi mu mtima kupita m'thupi lonse. Thupi la munthu wa Marfan limapanga ulusi wofooka umene umagwira ziwalo pamodzi, ndipo ulusi womwewo ndi umene umagwira kagalasi ka m'diso ndi kulimbitsa khoma la mtsempha umenewu. N'chifukwa chake dokotala wa maso anaganiza za mtima. Mtsemphawo umatanuka pang'onopang'ono pamene wayambira, kwa zaka zambiri, popanda ululu kapena kutupa miyendo, mpaka tsiku limene khoma lake ling'ambika.

Mawaya aja amayeza kagundidwe ka mtima, sayeza kukula kwa mtsempha, choncho zotsatira zabwino zija sizikuyankha funso lanu. Chofunika ndi eko, sikani yonga ya amayi oyembekezera koma ya pachifuwa. Pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku National Heart Hospital, ndipo muwapemphe kuti akulembereni mamilimita a mtsemphawo papepala loti musunge. Nambala imodzi siuza zonse. Chimene dokotala amayang'ananso ndi mmene ikusinthira, motero eko imabwerezedwa pakatha miyezi 6, kenako kamodzi pachaka ngati palibe kusintha. Mankhwala monga atenololo kapena losatani amachepetsa liwiro la kutanukako, koma sabweza mtsempha mwakale. Ukafika pafupifupi mamilimita 50, madokotala amalangiza opaleshoni yoikapo chubu, ndipo amafulumirapo, cha pa 45, ngati m'banjamo wina anang'ambikapo mtsempha. Choncho nkhani ya bambo ake muifotokoze monga mwaifotokozera pano. Basiketibo ndi kunyamula zitsulo ayambe waleka mpaka dokotala wa mtima atamuona. Flo Hyman, katswiri wa volebo wa ku America, anagwa n'kumwalira pa masewero ku Japan mu 1986, ndipo zinadziwika atamwalira kale kuti anali ndi matendawa.

Bambo Tembo, Matero: Ndiye kuti wamtali aliyense athamangire kuchipatala?

Mayi Mwale, namwino: Ayi bambo, utali wokha si umboni. Pano pali diso, chifuwa, manja opitirira msinkhu ndi masentimita 12, komanso imfa ya bambo ake.

Anaphiri, Chawama: Ine ndili nawo, anandipeza ndili ndi zaka 24. Amayi, musaiwale ana anu ena, chifukwa ngati kholo lili nawo, mwana aliyense amatha kutengera kapena ayi, theka ndi theka, ndipo mng'ono wanga amene si wamtali kwenikweni anapezeka nawonso. Ngati muli ndi mwana wamkazi, adziwe asanakwatiwe, pakuti mimba imalemetsa mtsemphawo, ndipo ine anandisiyitsa losatani ndisanatenge pakati chifukwa amavulaza mwana m'mimba.

Amake Dalitso, Chilenje: Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndikatenga kalatayo, ndipo mlongo wake wa zaka 11 ndipita naye limodzi. Chondivuta ndi akuchimuna, amene mpaka lero amakhulupirira kuti malemu analodzedwa, pamene alamu anga awiri ku Katete ndi ataliatali chimodzimodzi. Anaphiri, inu abale anu munawauza motani kuti avomere kukapimitsa?